Ndinasikana netiweki ya ku ofesi, chigayo chonse chinaima. Ndinalakwitsa pati?

Tadala

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Lachiwiri. Ndimagwira ntchito ya IT pa kampani ina yogaya ndi kupakira ufa, ndipo ndangotha miyezi isanu. Abwana anandiuza kuti ndilembe mndandanda wa zipangizo zonse zomwe zili pa netiweki, chifukwa palibe amene anazilembapo. Ndinachita zomwe ndinkachita komwe ndinkagwira kale:

```
nmap -sS -sV -p- 192.168.1.0/24
```

Pasanathe mphindi khumi ndinamva phokoso la makina likuzilala. Ndikuthamangira kumeneko ndinapeza sikirini ya woyendetsa makina ikulemba `COMM FAULT`, lamba waima, ndipo chikepe chokweza chimanga chaima chili chodzaza. Anyamata anachita kutsegula pansi n'kumakokolola chimanga ndi mafosholo. Tinataya maola awiri ndi theka.

Chomwe ndinadzazindikira n'chakuti makompyuta a ku ofesi, mapulinta, makamera, Wi-Fi ndi ma PLC, timakompyuta toyendetsa makina, zonse zili pa netiweki imodzi. Winawake anakoka kebulo kuchokera ku swichi ya ku ofesi kupita ku bokosi la kumakina kuti abwana aziona matani a tsiku ali pa mpando wawo. Mafunso anga ndi awiri. N'chifukwa chiyani kusikana chabe kungaimitse makina, pomwe sindinalembe kanthu mu PLC? Ndipo ndiyambire pati kukonza?

Yamikani

Pepani achemwali. Koma ine ndikuona ngati ndi vayirasi yomwe inalimo kale, inu mwangoidzutsa. Ikani antivayirasi yamphamvu pa makompyuta onse, ndi akumakina omwe, kenako musinthe pasiwedi ya Wi-Fi. Kwathu tinachita zimenezo ndipo mavuto anatha.

Bambo Mbewe

A Yamikani, pa nkhani iyi vayirasi ilibe mlandu, ndipo PLC sungaiikemo antivayirasi, mulibe malo ake.

Mwanangu Tadala, usadzimvere chisoni kwambiri, koma usabwerezenso. Ndagwira zaka 26 m'mafakitale ndikusamalira zipangizo zoyendetsa makina, ndipo zomwe zakuchitikirazi ndinaziona. PLC ndi kakompyuta kochita ntchito imodzi mobwerezabwereza. Kamawerenga masensa, kuwerengera, kulamula mamota, n'kuyambiranso, ndipo ulendo umodzi umatenga timagawo tochepa ta sekondi. Khadi yake ya netiweki, makamaka zakalezi, inapangidwa kuti iziyankhulana ndi anzake awiri kapena atatu omwe ikuwadziwa. Iwe unaigogodera pa zitseko 65,535, ndipo `-sV` ija imatumiza mauthenga achilendo pa chitseko chilichonse chomwe chatseguka kuti ione yankho. Laputopu imangonyalanyaza zimenezo. Khadi yakale imadzaza, kapena imakakamira pa uthenga umene sikuumva.

Tsono makina anaima chifukwa anamangidwa bwino. PLC ikaona kuti mabokosi a masensa omwe ali kutali sanayankhe pa nthawi yoikika, imaganiza kuti yachita khungu, ndiye imazimitsa mamota. Ndi bwino kutero kusiyana n'kuyendetsa lamba usakuona.

Izi zimachitika ngakhale popanda munthu wosikana. Mu Ogasiti 2006, pa malo opangira magetsi a nyukiliya a Browns Ferry ku Alabama, dziko la America, zipangizo zoyendetsa mapampu awiri ozungulitsa madzi pa Unit 3 zinasiya kuyankha chifukwa mauthenga anachuluka pa netiweki ya m'fakitale. Oyendetsa anachita kuzimitsa okha riyakitala. Panalibe wakuba. Choncho chifukwa choyamba chogawira netiweki si akuba ayi, ndi phokoso. Kamera imodzi yowonongeka kapena kebulo yomwe wina wailumikiza mozungulira ku ofesi ikhoza kukuimitsirani chigayo ngati mmene wachitira iwe.

Chikondi wa ku Joni

Ndikugwirizana ndi madala kuti netiweki igawidwe. Kuno ku Joni ndimagwira za chitetezo cha makompyuta ku kampani ya inshuwalansi, ndipo zoterezi timathana nazo tsiku limodzi. Pangani ma VLAN atatu, kutanthauza zigawo zosaonana za netiweki pa swichi imodzi: ofesi, makamera, makina. Mukatero phokoso la ku ofesi silifikanso kumakina. Kenako makompyuta akumakinawo muwaike pa domeni ya kampani kuti azilandira maapudeti mwezi ndi mwezi monga ena onse. Ndikhulupirira mukapita kukaona mupeza Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020. Chinthu chotero sichiyenera kukhala pa netiweki iliyonse.

Tadala

Achimwene a Chikondi mwalasa, ndi Windows 7 ndithu, makompyuta awiri. Ndinafunsa injiniya wathu za kuwasintha, anakana kwamtuwagalu. Akuti pulogalamu ya pa sikirini ija ndi layisensi yake sizingayende pa Windows yatsopano, ndipo kampani yomwe inatigulitsa makina inanena kuti tikasintha kanthu popanda iwo, zikavuta tisawaimbire.

Mayi Nasibeko

Ine si wa IT, ndimayendetsa mapampu pa malo ena opopera madzi, zaka 11 tsopano. Ndingoyankhapo pa za maapudetizo. Usiku wina kompyuta yomwe timaonerapo mathanki inangolemba yokha kuti ikuyambiranso, chifukwa wina anaiika kuti izilandira maapudeti. Inatha mphindi pafupifupi makumi anayi ikuzungulira. Nthawi yonseyo mapampu anali kuyenda, ine osaona mulingo wa thanki, osaona puresha. Ndinatuma mnzanga kukwera pa thanki ndi tochi, ine nditaima pa bokosi dzanja lili pa batani. Inu a ku ofesi kompyuta ikamayambiranso mumapita kukamwa tiyi. Ife madzi sadikira. Ndiye mukamakonza zanuzo muzitifunsa kaye ife okhala pa shifiti.

Bambo Mbewe

Mayi Nasibeko anena zomwe ndikanalephera kuzinena bwino. A Chikondi, theka la mawu anu ndi loona, koma theka linalo lingamupweteketse mwanayu. Ndiyambe ndi kusiyana kwa malo awiriwa.

Ku inshuwalansi kwanuko chomwe mumaopa kwambiri n'chakuti zinsinsi za makasitomala zingatuluke. Kompyuta ikakayikitsa mumaichotsa pa netiweki nthawi yomweyo, ndipo mwachita bwino. Kumakina chomwe timaopa choyamba ndi munthu kuvulala, chachiwiri makina kuwonongeka kapena kuima. Kutentha kwa beringi si chinsinsi, aliyense akhoza kukudziwa. Choopsa ndi munthu kusintha nambala, kapena kutiphimba m'maso. Laputopu mumaisintha pakatha zaka zinayi kapena zisanu, pomwe PLC imakhala zaka 15, 20, ngakhale kuposa. Ndipo mpata woizimitsa umapezeka mwina kamodzi pachaka, nthawi yokonza makina.

Koma chachikulu ndi ichi. Zipangizo zambiri zimayankhulana pa Modbus, chiyankhulo chomwe kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979, nthawi yomwe waya unkachoka pa bokosi ili kukathera pa bokosi lija basi. Pambuyo pake anachikweza pa netiweki, pa poti 502, osawonjezerapo loko. Mulibe dzina, mulibe pasiwedi. Taonani uthenga wathunthu woyatsa chinthu:

```
00 01 00 00 00 06 01 05 00 10 FF 00
```

Mabayiti 12 okha. `01` wachiwiriyo ndi nambala ya chipangizo, `05` akutanthauza kuti lemba pa swichi imodzi, `00 10` ndi adiresi ya swichiyo, `FF 00` ndiye kuti yatsa. Mukaika `00 00` kumapetoko mwazimitsa. PLC siifunsa kuti walankhula ndani. Kaya ndi sikirini ya woyendetsa, kaya ndi laputopu ya mlendo yemwe wapatsidwa Wi-Fi pa resepushoni, imamvera chimodzimodzi. Ndipo apa palibe apudeti yomwe ingathandize, chifukwa sichinawonongeke, anachipanga choncho. Ndiye ngati chipangizo sichingathe kusankha womumvera, chitetezo chomwe chatsala n'kusankha amene angachifikire. Kugawa netiweki n'kumeneko.

Za VLAN, inde imaletsa phokoso lija. Koma abwana a Tadala akufunabe matani awo, ndiye wina adzatsegula njira pa rauta kuti ma VLAN azionana, ndipo tsiku limenelo mwabwerera pomwe munali. VLAN popanda fayawolo pakati ndi mpanda wopanda chitseko, pali mpata pokha. Chinanso, swichi ikakhala imodzi, wa IT akalakwitsa kapena akaiyambitsanso masana, makina aima. Ine ndimakonda swichi ya kumakina ikhale yakeyake, m'bokosi lokhoma.

Za domeni ndiye ndikukana ndithu. Ndifotokoza chifukwa chake ndikaweruka ku mapemphero.

Limbani wa ku Chipata

Ine mwina ndine wachikale, koma bwanji osangodula kebuloyo? Makina akhale paokha, ofesi paokha, pasakhale chilichonse pakati. Abwana akafuna matani, kalaliki azilemba pa pepala madzulo. Wakuba adzera pati ngati palibe waya?

Chikondi wa ku Joni

A Limbani, adzera m'thumba la injiniya. Stuxnet, yomwe inadziwika mu 2010, inafika ku Natanz ku Iran pa makina osefera yureniyamu omwe sanali pa intaneti. Inkayenda pa mafulashi, ndipo inkasaka makompyuta okhala ndi pulogalamu ya Siemens yolembera ma PLC. Ndiponso mukadula kebulo, pakatha mwezi wina adzaikoka mobisa chifukwa ntchito ikufuna, ndipo imeneyo simudzaidziwa. Bola njira imodzi yomwe mukuiona kusiyana ndi zitatu zobisika. Pamenepa ndiye ndili kumbali ya madala.

Limbani wa ku Chipata

Za Iran ndamva, koma amene anachita zimenezo anali ndi chuma cha boma kumbuyo kwake. Ndani angawononge ndalama zotero pa chigayo cha ufa? Ine ndikuonabe kuti kwa kampani yaing'ono kudula n'kotchipa ndipo n'kosavuta kukumvetsa.

Bambo Mbewe

A Limbani, sindikutsutsani kotheratu. Ngati palibe chomwe chikufunika kuwoloka, dulani, ndipo ndi zomwe Tadala ayenera kuchita sabata ino podikira zina. Koma chigayo sichifunika mdani wochisankha. Mapulogalamu otseka mafayilo n'kumaitanitsa dipo amangolowa paliponse pomwe apeza Windows, ndipo sikirini ya woyendetsa ndi Windows.

Tsopano za domeni, ndi chifukwa chomwe fayawolo payokha siikwanira. Nkhani yomwe ndimafuna aliyense wa ntchito yathu aidziwe ndi ya ku Ukraine, pa 23 Disembala 2015.

Makampani atatu ogawa magetsi anamenyedwa masana a tsiku limodzi, ndipo makasitomala pafupifupi 225,000 anakhala mu mdima m'nyengo yozizira, ena ola limodzi, ena mpaka maola asanu ndi limodzi. Koma nkhaniyo inayamba miyezi yambiri m'mbuyo, ku ofesi. Ogwira ntchito analandira maimelo okhala ndi mafayilo a Word ndi Excel, omwe ankapempha kuti munthu alole mamakiro. Amene analola analowetsa pulogalamu yotchedwa BlackEnergy 3. Mpaka apa ndi nkhani wamba ya ku ofesi, a Chikondi amaziona mlungu uliwonse.

Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti makampaniwo anali nawo mafayawolo pakati pa ofesi ndi netiweki yoyendetsera magetsi. Akubawo sanawathyole. Anakhala phee mu netiweki ya ku ofesi, n'kufika pa maseva osunga maakaunti, n'kutola mayina ndi mapasiwedi a ogwira ntchito. Ena mwa anthuwo anali ndi chilolezo cholowa ku netiweki yoyendetsera magetsi ija, ya SCADA, ali kutali kudzera pa VPN, ndipo VPN imeneyo inkangofuna dzina ndi pasiwedi, popanda chitsimikizo chachiwiri. Ndiye analowa pa chitseko ngati eni nyumba.

Tsiku litakwana sanafunike luso lachilendo kuti azimitse magetsi. Anagwiritsa ntchito zida zomwezo za oyendetsa. Ku kampani ya Prykarpattyaoblenergo woyendetsa ankaona kamuvi ka mbewa kakuyenda kokha pa sikirini yake, kakutsegula mabuleka limodzilimodzi, iye atalandidwa ulamuliro. Masabusiteshoni makumi angapo anazima.

Kenako anaonetsetsa kuti kubwezeretsa kuvute. M'masabusiteshoni munali timabokosi tomasulira mauthenga a pa netiweki kupita ku mawaya akale a siriyo. Anatilembera pulogalamu yam'kati yowonongeka, timabokosito tinafa, moti ku likulu sakanathanso kulamula buleka. Anafufuta makompyuta ndi KillDisk. Anakonza kuti ma UPS azime kuti malo oyendetsera nawonso akhale mu mdima. Anadzazanso mafoni a kumalo olandirira madandaulo kuti makasitomala alephere kuimba.

Magetsi anabwerera chifukwa amisiri anakwera magalimoto kupita ku sabusiteshoni iliyonse kukatseka mabuleka ndi manja, ndipo anayendetsa choncho kwa miyezi.

Ndiye a Chikondi, mukaika makompyuta akumakina pa domeni ya ku ofesi, mwapanga kuti kiyi wa ku ofesi azitsegulanso kumakina. Wogwira domeniyo wagwira zonse, fayawolo ili chiimire.

Chikondi wa ku Joni

Pa domeni ndavomera, madala, sindinaganize motero. Koma pa maapudeti sindinagonje. Kusiya Windows 7 mpaka kalekale chifukwa wogulitsa waopseza si chitetezo. WannaCry mu Meyi 2017 inaimitsa mafakitale a magalimoto a Renault, ndipo inkadutsa pa poti 445 pa bowo lomwe Microsoft inali itatseka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anaika apudeti ija anapulumuka.

Bambo Mbewe

Simukunama. Sindikuti tisamaike, ndikuti sitiika Lachiwiri lililonse lomwe Microsoft yatulutsa. Timadikira wogulitsa atsimikize, timajambula disiki yonse kaye, timayesa pa kompyuta imodzi nthawi yomwe makina aima, ndipo woyendetsa amakhala akudziwa. Pakati pa nthawizo, chomwe chimateteza kompyutayo n'chakuti poti 445 siifikika kuchokera ku ofesi. Koma kuti Windows 7 ichoke liti, imeneyo ndi nkhani ya ndalama, ndipo ine ndaonapo mabwana akusankha kugula galimoto.

Tadala

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. Dzulo ndinadula kebulo ija titagwirizana ndi injiniya, makina ali chiimire nthawi ya nkhomaliro. Abwana sanakondwe, andipatsa masabata awiri kuti matani abwerere pa laputopu yawo. Bambo Mbewe, ndithandizeni mwatsatanetsatane. Tili ndi fayawolo imodzi yosagwiritsidwa ntchito, ya mapoti anayi. Pali ma PLC atatu, masikirini awiri, ndi kompyuta imodzi yomwe imasonkhanitsa manambala a masikelo, ili pa `192.168.1.20`. Mpaka dzulo abwana ankalowa mu kompyuta imeneyo ndi Remote Desktop.

Bambo Mbewe

Zomwe uli nazo zikukwana poyambira. Ganiza za nyumba ya kumudzi. Mlendo amafikira pakhonde, mwini nyumba amatulutsa mpando ndi madzi n'kumupatsira pomwepo. Salowa kuchipinda kukatunga yekha. Netiweki yako ikhale ndi zigawo zitatu: ofesi, khonde, ndi makina. A mabuku khondelo amalitcha DMZ, ndipo muyezo wa IEC 62443 umakamba zomwezi, zigawo ndi ngalande zozilumikiza. Lamulo lake ndi limodzi: palibe uthenga wochoka ku ofesi kufika kumakina mwachindunji. Zonse zimathera pakhonde.

Choyamba, usasinthe maadiresi akumakina. Ambiri amalakwitsa apa. Maadiresi a ma PLC analembedwa m'mapulogalamu a masikirini ndi m'ma PLC anzawo, ndipo ukasintha imodzi udzasaka mlungu wathunthu. Makina asiyire `192.168.1.0/24`. Isamuke ndi ofesi, chifukwa malaputopu amalandira maadiresi okha. Apatse `10.10.0.0/24`, uvutike ndi mapulinta okha.

Chachiwiri, pakhonde ika kompyuta imodzi yatsopano, tinene `10.30.0.10`, yokhala ndi nkhokwe ya manambala ndi katsamba koonetsa matani. Kompyuta ya masikelo ija izikankhira manambala kumeneko mphindi iliyonse. Ona bwino mbali yomwe ikuyambitsa: ndi ya kumakina yomwe ikutuluka kukasiya, osati ya pakhonde kulowa kukatenga. Abwana azitsegula tsambalo pa burawuza. Malamulo ake, ndikawalemba monga a pa Linux, ndi awa, ndipo fayawolo yako ili ndi njira yake yonenera zomwezi:

```
iptables -P FORWARD DROP
iptables -A FORWARD -m conntrack --ctstate ESTABLISHED,RELATED -j ACCEPT
iptables -A FORWARD -s 192.168.1.20 -d 10.30.0.10 -p tcp --dport 1433 -j ACCEPT
iptables -A FORWARD -s 10.10.0.0/24 -d 10.30.0.10 -p tcp --dport 443 -j ACCEPT
```

Mzere woyamba ukukana chilichonse. Wachiwiri ukulola mayankho a zokambirana zomwe zaloledwa kale. Wachitatu ukulola kompyuta imodzi yokha ya kumakina kufika pa nkhokwe ya pakhonde, ndaika 1433 poganiza kuti ndi SQL Server, iwe uike poti ya nkhokwe yomwe usankhe. Wachinayi ukulola ofesi kuona tsamba. Palibe mzere wa 502, palibe wa 3389 wa Remote Desktop, ndipo makina alibe njira ya ku intaneti. Laputopu ya abwana itagwidwa lero, wakubayo afika pakhonde n'kupeza manambala a ufa.

Chachitatu, maakaunti akumakina ndi a pakhonde akhale osiyana ndi a ku ofesi, mapasiwedinso osiyana.

Ndipo usanatseke, mvetsera kaye. M'malo mosikana, konza poti imodzi ya swichi ya kumakina kuti izikopera zonse zodutsa, ulumikizepo laputopu ya Wireshark, pulogalamu yoonetsa mauthenga odutsa pa netiweki, uisiye masiku angapo osatumiza kanthu. Ukasefa ndi `tcp.port == 502` uona amene akuyankhula ndi ma PLC. Ukasefa ndi `modbus.func_code == 6` kapena `modbus.func_code == 16` uona amene akulemba manambala. Mndandanda womwe abwana anakutuma uutenge mmenemo, ndi poyenda ndi kope kutsegula mabokosi pamodzi ndi injiniya. Ukapeza adiresi yolemba yomwe si sikirini ya woyendetsa, ima pomwepo ufufuze.

Yamikani

Ndiye ngati ndamva bwino, kompyuta ya masikeloyo ingoikidwa makhadi awiri a netiweki, imodzi ku ofesi, ina kumakina? Ndiye kuti fayawolo siifunikanso, ndalama zapulumuka.

Chikondi wa ku Joni

Ayi aise, chimenecho ndiye choopsa kuposa kebulo ija. Kompyuta ya makhadi awiri ndi mlatho wodutsa pamwamba pa fayawolo. Ikagwidwa kuchokera ku ofesi, wakuba waima kale m'kati mwa makina, ndipo palibe pomwe zalembedwa kuti wadutsa. Tadala, poyendera mabokosi uyang'anenso kumbuyo kwa kompyuta iliyonse, uwerenge makebulo. Wi-Fi ya pa kompyuta yolumikizidwa ndi waya kumakina nayonso ndi khadi yachiwiri.

Ndiwonjezere chimodzi chomwe madala sanakhudze. Ku Colonial Pipeline ku America, mu Meyi 2021, pulogalamu ya dipo inagwira makompyuta a ku ofesi, kudzera pa akaunti yakale ya VPN yopanda chitsimikizo chachiwiri. Kampaniyo inatseka yokha paipi ya mafuta kwa masiku angapo, ngakhale kuti zomwe zinagwidwa zinali za ku ofesi. Ndiye dzifunse: ofesi itafa lero, chigayo chingagaye ndi kutulutsa katundu? Sikelo ya magalimoto pa geti ili mbali iti?

Tadala

Funso limenelo landigwira. Sikelo ya pa geti imatumiza kulemera ku pulogalamu ya maakaunti kuti invoisi ituluke, komanso woyendetsa amaiona kuti adziwe nkhokwe yothiramo chimanga. Ndiye ili mbali zonse ziwiri. Sindikudziwa koiika.

Bambo Mbewe

Ine ndikanaiika kumakina, izikankhira kulemera pakhonde, a maakaunti azitenga pamenepo.

Chikondi wa ku Joni

Ine ndikanaipatsa chigawo chakechake pa poti yachinayi ija. Kompyuta ya pa geti imagwiridwa ndi anthu ambiri, madalaivala amabwera ndi mafulashi, makalaliki amasinthana. Sindingaifune m'chipinda chimodzi ndi ma PLC omwe amamvera aliyense.

Mayi Nasibeko

Kulikonse komwe muiike, pa geti pakhale buku la malisiti a pamanja, ndipo anthu adziwe kulilemba. Kwathu kamodzi pa miyezi ingapo timayendetsa mapampu pa manja dala, kompyuta ili chiyakire, kuti achinyamata omwe anabwera zonse zili pa sikirini adziwe valuvu iliyonse ndi dzanja lawo. Za ku Ukraine zomwe afotokoza bambowa zandilimbitsa mtima pa chimenechi. Tadala, uwafunse oyendetsa ako ngati angathe kutsitsa chimanga mu chikepe ndi kuzimitsa mzere mwadongosolo sikirini itafa. Ngati yankho ndi ayi, limenelo ndi bowo lomwe fayawolo siingatseke.

Tadala

Ndabweranso. Loweruka tinayenda ndi injiniya kutsegula mabokosi onse, ndipo Wireshark yakhala ikumvetsera masiku anayi. Zambiri zili monga tinkayembekezera, olemba ku ma PLC ndi masikirini awiri aja basi. Koma m'bokosi la makina opakira matumba tinapeza karauta kakang'ono kokhala ndi simukhadi ndi kamlongoti, kolumikizidwa pa swichi ya kumakina, magetsi ake akuphethira. Injiniya akuti anakaika ndi omwe anatigulitsa makinawo zaka zitatu zapitazo, kuti azikonza ali kwawo kunja osakwera ndege. Palibe pakampani pano amene akudziwa pasiwedi yake, kapena kuti kumbali inayo amalowa ndi anthu angati. Ndiye fayawolo yanga yonse ija kanali kuizungulira.

Ndinafuna kukazula pomwepo, injiniya anandigwira dzanja. Akuti makina opakira akavuta, anthu aja amakonza pa ola limodzi, pomwe kudikira munthu kuti abwere ndi sabata ziwiri, ndipo mwina zili mu mgwirizano womwe abwana anasayina.

Bambo Mbewe

Injiniya wako ali ndi mfundo, usalimbane naye. Koma ona kuti kameneko ndi VPN ya ku Ukraine ija, kungoti kiyi wake ali m'manja mwa anthu omwe sunawaonepo. Chomwe ndinkachita ine pa zoterezi n'chophweka. Magetsi a karautako adutse pa swichi ya kiyi pa chitseko cha bokosi, kiyi azisunga mkulu wa shifiti. Ogulitsa akafuna kulowa aziimba foni, wina ayatse, aime pa sikirini kuona zomwe zikuchitika, akamaliza azimitse n'kulemba m'buku tsiku, nthawi ndi dzina. Zimenezi ukhoza kuchita mawa ndi ndalama yochepa. Ma PLC amene ali ndi kiyi kapena kaswichi kosankhira `RUN` ndi `PROG`, akhale pa `RUN`, ngakhale udziwe kuti zimenezo zimaletsa kusintha pulogalamu, osati kulemba manambala.

Njira yokhalitsa ndi yakuti alowere pa fayawolo yako ndi chitsimikizo chachiwiri, afikire pa kompyuta ya pakhonde, ndipo kuchokera pamenepo aone PLC ya makina opakira yokha, osati onse atatu. Koma ogulitsa ena amakana, amati njira yawo ndi yomweyo kapena chitsimikizo cha makina chatha. Ndinapambanapo mkangano umenewo kamodzi, kawiri ndinagonja.

Chikondi wa ku Joni

Usanawalembere, pempha kope la mgwirizanowo uwerenge ndime ya kukonza ali kutali. Ndipo uone mu Wireshark ngati karautako kamayankhula ndi chilichonse nthawi yomwe palibe anawaitana.

Tadala

Ndayang'ana. Kamatumiza timauthenga tofunsa maadiresi pa netiweki yonse ya makina, koma sindinaone kakulemba ku PLC m'masiku anayiwa. Swichi ya kiyi injiniya wavomera, tiika Lachitatu pa nthawi yokonza makina. Mgwirizano uli kwa abwana, ndapempha. Za sikelo ya pa geti sitinagwirizanebe, injiniya ali kumbali ya Bambo Mbewe, ine mtima ukupita kwa achimwene a Chikondi. Poti yachinayi ikadali yopanda kanthu. Alipo pagulu pano amene ali ndi sikelo ya magalimoto yolumikizidwa ku maakaunti, atiuze anaiika mbali iti ndipo chinavuta n'chiyani?